Kuwonkhetsa makilo mu Excel kuti chiwerengero chiziyambiranso dzina la kalabu likasintha

Nthawi yogula soya ikafika, mlembi wa pasikelo sapuma. Makalabu a alimi amabwera motsatizana, wina pangolo, wina panjinga, ndipo thumba lililonse likatsika pasikelo makilo ake amalembedwa pamzere wakewake. Wapampando wa kalabu amakhala ataima pambali pompo, ndipo funso lake ndi limodzi: “Tafika pa makilo angati?” Iye sakufunsa za soya yense amene walowa m'nyumba yosungiramo kuyambira m'mawa. Akufunsa za kalabu yake yokha, kuchokera pa thumba lawo loyamba kufika pa limene lili pasikelo panopa. Kalabu ina ikangoyamba kuyeza, chiwerengero chija chiyenera kugwa pansi n'kuyambiranso.

Ndakhala ndikulemba mabuku otere kwa nthawi, ndipo ndaona anzanga ambiri akuvutika ndi kakyuleta pomwe kompyuta ili pamaso pawo. Ena amalemba fomula yatsopano pamutu pa kalabu iliyonse, tsiku lonse. Ntchito yonseyi imatheka ndi fomula imodzi yaifupi, imene mumailemba kamodzi n'kuikokera pansi. Ndikuonetsani mu Excel, koma imagwiranso chimodzimodzi mu Google Sheets ndi mu LibreOffice Calc.

Tiyambe ndi kuyala tebulo. Maina a makalabu ndi makilo ali apawa ndi achitsanzo chabe, koma muwalembe ndithu mmene alili kuti muzitha kufananitsa mayankho anu ndi anga. Mzere woyamba ndi wa mitu. Kolamu A ndi dzina la kalabu, B ndi nambala ya thumba monga mmene matumba akwerera pasikelo, C ndi makilo, ndipo D ndi mmene tiikemo chiwonkhetso chathu.

```
     A           B        C        D
1    Kalabu      Thumba   Makilo   Pofika pano
2    Tiyanjane   1        50
3    Tiyanjane   2        48
4    Tiyanjane   3        51
5    Chikondi    4        47
6    Chikondi    5        50
7    Mwaiwathu   6        52
8    Mwaiwathu   7        49
9    Mwaiwathu   8        50
10   Tiyanjane   9        46
11   Tiyanjane   10       50
```

Onani kuti a Tiyanjane akupezeka kawiri. Anayeza matumba atatu m'mawa, ngolo yawo inabwerera kumudzi, ndipo masana anabweranso ndi ena awiri. Ndaika dala zimenezi chifukwa mpamene pagona nkhani yaikulu, ndipo tibwererapo.

Dinani kabokosi ka D2, lembani izi, kenako dinani Enter:

```
=IF(A2=A1,D1+C2,C2)
```

Fomulayi ikufunsa funso limodzi lokha: kodi dzina lili pamzere uno ndi lomwe lija lili pamzere wa pamwamba pake? Ngati ndi lomwelo, imatenga chiwerengero chimene chafika pamzere wa pamwambawo n'kuwonjezerapo makilo a thumba lino. Ngati dzina lasintha, imasiya zonse za m'mbuyo n'kungolemba makilo a thumba lino okha. Basi. Palibe chizindikiro cha `$` paliponse m'fomulayi, ndipo musachiikemo, chifukwa tikufuna kuti ikatsika mzere umodzi, zonse zimene ikuloza zitsike nayo.

Tsopano ikokereni pansi. Dinaninso D2, ndipo pakona yake ya m'munsi kumanja muona kadontho. Kadineni kawiri mofulumira, fomula idzaza yokha mpaka pamzere 11. Mukhozanso kusankha kuyambira D2 mpaka D11 n'kudina Ctrl ndi D pamodzi.

Musathamangire kutseka. Yendani nayo mzere ndi mzere kamodzi kokha kuti muimve bwino, chifukwa tsiku limene idzalakwe mudzafunika kudziwa pogwira. Pa D2, fomula ikufananitsa “Tiyanjane” ndi mawu a pamutu akuti “Kalabu”. Sakufanana, choncho yankho ndi 50. Ena amada nkhawa kuti D1 muli mawu, osati nambala, ndiye kuwonkhetsa kusokonekera. Sikusokonekera, chifukwa pamzere umenewu mbali ya `D1+C2` siigwiritsidwa ntchito n'komwe. Mutu wa tebulo ukugwira ntchito ngati kalabu ina imene yangomaliza kuyeza.

Pa D3 fomula yasanduka `=IF(A3=A2,D2+C3,C3)`. Maina akufanana, ndiye 50 kuwonjezera 48 ndi 98. Pa D4, 98 ndi 51 zikupereka 149. Pa D5 dzina ndi Chikondi pomwe pamwamba pali Tiyanjane, ndiye 149 uja wasiyidwa, tayambiranso pa 47, kenako 97. A Mwaiwathu akuyamba ndi 52, kupita pa 101, kuthera pa 151. Pamzere 10 a Tiyanjane abweranso, koma pamwamba pawo pali Mwaiwathu, choncho fomula ikulemba 46, kenako 96. Ngati manambala anu ndi omwewa, zili bwino.

Ngati Excel yakana fomulayi n'kutulutsa uthenga woti ili ndi vuto, kawirikawiri chifukwa chake ndi zizindikiro zolekanitsira. Kompyuta yoikidwa kuti izitsata kalembedwe ka manambala ka ku South Africa kapena ka Chipwitikizi imafuna `;` pamene ine ndaika `,`. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene Excel yawo ili m'Chipwitikizi alembe `=SE(A2=A1;D1+C2;C2)`, popeza kumeneko IF amatchedwa SE.

Tibwerere kwa a Tiyanjane a masana aja. Mukafunsa anthu odziwa Excel za nkhani imeneyi, ambiri adzakupatsani fomula ina, iyi:

```
=SUMIF($A$2:A2,A2,$C$2:C2)
```

Ndi fomula yabwino, ndipo pamizere 2 mpaka 9 ikupatsani manambala omwe aja, osasiyana ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake anthu amaganiza kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Koma pamzere 10 iyo ikulemba 195, ndipo pamzere 11 ikulemba 245. Siyang'ana mzere wa pamwamba. Imabwerera mpaka pamzere 2 n'kutolera makilo onse amene ali ndi dzina la Tiyanjane, ndiye 149 wa m'mawa uja ikumuphatikiza ndi 46 wa masana. Kunena kwina, iyi siyambiranso dzina likasintha. Imangosungira dzina lililonse chiwerengero chakechake.

Palibe yolakwa pa ziwirizi, koma zikuyankha mafunso osiyana, ndipo muyenera kudziwa funso lanu musanasankhe. Ngati a Tiyanjane analandira kale lisiti ya makilo 149 m'mawa, lisiti ya masana iyenera kukhala ya makilo 96, ndipo fomula yanu ndi ya IF. Mukagwiritsa ntchito ya SUMIF n'kulemba 245 palisiti yachiwiri, mwawalipira soya wa m'mawa kawiri. Koma ngati malipiro onse amachitika madzulo kamodzi, ndipo wapampando akufuna kudziwa zonse zimene kalabu yake yabweretsa lero, 245 ndiye yankho loona, ndipo 96 ingamukhumudwitse pachabe. Ine ndinaphunzira kusiyana kumeneku mochita kuwawa. Tsiku lina ndinalemba lisiti kuchokera pa kolamu ya SUMIF osaona kuti kalabu ija inali itabwera kale m'mawa. Msungichuma wathu ndi amene anaona kuti ndalama za tsikulo zaposa soya amene ali m'nyumba, ndipo ndinayenera kupita kukapepesa kwa alimi amene anali atawerengera kale ndalamazo mumtima. Kuyambira pamenepo ndimaika makolamu onse awiri moyandikana, wina mutu wake “Ulendo uno”, wina “Lero lonse”.

Pali chinanso chimene chimandichititsa kukonda ya IF pamabuku aatali. Iyo imangoyang'ana mzere umodzi wa pamwamba, pomwe ya SUMIF pamzere uliwonse imawerenganso kuchokera kumutu. Pa tebulo la mizere 10,000, zimenezi zikutanthauza kufananitsa maina pafupifupi ka 50 miliyoni, ndipo pa laputopu yakale mumayamba kuona kuti ikuchedwa.

Kawirikawiri chimene chimafunika palisiti si manambala onse a mu D, koma yomaliza ya kalabu iliyonse. Kuti izioneka payokha, lembani mutu wakuti “Potseka” mu E1, ndipo mu E2 muike iyi n'kuikokera pansi:

```
=IF(A2<>A3,D2,"")
```

Iyi ikuyang'ana kunsi m'malo mwa kumwamba. Chizindikiro cha `<>` chikutanthauza kuti “sizikufanana”. Ngati dzina la mzere wotsatira ndi lina, ndiye kuti pano mpamene kalabu yathera, ndipo fomula imakopera chiwerengero cha mu D. Ngati ayi, imasiya kabokosi kooneka kopanda kanthu. Muona 149 pamzere 4, 97 pamzere 6, 151 pamzere 9, ndi 96 pamzere 11. Mzere womaliza umatseka wokha chifukwa pansi pake palibe dzina.

Kolamu imeneyi ndi imene imakuthandizani kugwira zolakwika, ndipo pali mayeso awiri amene ndimachita ndisanalembe lisiti iliyonse. Aikeni pambali, kunja kwa tebulo:

```
=SUM(C2:C11)-SUM(E2:E11)
=COUNT(E2:E11)
```

Loyamba liyenera kupereka 0. Makilo onse a mu C ndi 493, ndipo 149, 97, 151 ndi 96 mukawaphatikiza ndi 493 yemweyo. Thumba likadumphidwa kapena kuwerengedwa kawiri, yankho silikhalanso 0. Lachiwiri likuwerenga kuti chiwerengero chatsekedwa kangati, ndipo apa liyenera kupereka 4, chifukwa magulu amene anaima pasikelo ndi anayi. Musakhutire ndi loyamba lokha. Pali vuto lina lofala kwambiri limene loyambalo sililiona, ndipo ndi limene tikambe tsopano.

Fomula yathu siidziwa kalabu. Imadziwa zilembo. Tiyerekeze kuti polemba A3 chala chinagunda batani lalitali lija, ndiye pambuyo pa “Tiyanjane” pali kampata kosaoneka ndi maso. Kwa inu dzina ndi lomwelo, koma kwa Excel ndi lina. D3 ikulemba 48 m'malo mwa 98. Ndipo siithera pomwepo, chifukwa pa mzere 4 dzina lolembedwa bwino likufananitsidwa ndi lolakwika lija, ndiye ikuyambiranso kachiwiri n'kulemba 51. Wapampando amene wabweretsa makilo 149 mukumuuza kuti ali ndi 51. Chochititsa mantha n'chakuti yeso loyamba lija likuperekabe 0, popeza 50, 48 ndi 51 onse akuoneka mu E paokhapaokha ndipo palibe kilo imene yatayika. Lachiwiri ndi limene likukuwa, chifukwa likupereka 6 pomwe inu mukudziwa kuti magulu anali anayi.

Mukakayikira kabokosi, kayezeni kutalika ndi `=LEN(A3)`. Dzina lakuti Tiyanjane lili ndi zilembo 9, ndiye mukaona 10 dziwani kuti muli kampata. Kuti timipata totere tisamakusokonezeni, sinthani fomula ya mu D2 ikhale iyi, ndipo ya mu E2 muichitenso chimodzimodzi:

```
=IF(TRIM(A2)=TRIM(A1),D1+C2,C2)
=IF(TRIM(A2)<>TRIM(A3),D2,"")
```

TRIM imachotsa mipata ya kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawu isanafananitse. Pali mtundu wina wa kampata umene TRIM ya mu Excel siichotsa, umene umabwera ndi maina okopedwa pa intaneti kapena otulutsidwa m'mapulogalamu ena. Mukaona LEN ikuperekabe 10 ngakhale mutaika TRIM, yesani `=SUBSTITUTE(A3,CHAR(160),"")` mu kolamu ina yapadera, kenako mukopere zotsatira zake n'kuzimata kudzera pa Paste Special ndi Values m'malo mwa maina akalewo.

Zilembo zazikulu ndi zazing'ono si vuto mu Excel. “TIYANJANE” ndi “Tiyanjane” imaziona ngati dzina limodzi pofananitsa ndi `=`. Vuto lathu lenileni ife ndi kalembedwe ka Chichewa chomwechi. Mlembi wa m'mawa alemba “Mwaiwathu”, womulandira masana alemba “Mwayiwathu”, wina “Mwai wathu”. Onse akunena kalabu imodzi, ndipo palibe fomula imene ingadziwe zimenezo. Mankhwala ake ndi kuletsa kulemba dzina pamanja. Lembani maina onse a makalabu kamodzi pambali, sankhani kolamu A, pitani pa Data, kenako Data Validation, pa Allow musankhe List, ndipo pa Source muloze mndandanda wa maina uja. Kuyambira pamenepo mlembi amangosankha dzina pakamndandanda kotsika. Mphindi ziwiri zimenezi zimapulumutsa madzulo onse ofufuza.

Vuto lachiwiri limachokera ku chizolowezi cha m'kaundula wa pepala. M'buku timalemba dzina la kalabu kamodzi pamwamba, mizere yotsatira n'kuisiya yopanda dzina kapena kuikamo timizere tiwiri tosonyeza kuti ndi chimodzimodzi. Anthu ambiri amasamutsira chizolowezichi mu Excel, ndipo ena amafika polumikiza timabokosi ndi Merge & Center kuti dzina likhale pakati pooneka bwino. Timabokosi tolumikizidwa timasunga dzina m'kabokosi koyamba kokha, ena onse amakhala opanda kanthu. Taonani chimene chimachitika ngati A3 ndi A4 mulibe dzina. D2 ndi 50. Pa mzere 3, kabokosi kopanda kanthu sikafanana ndi “Tiyanjane”, ndiye ikuyambiranso pa 48. Pa mzere 4, kopanda kanthu kakufanana ndi kopanda kanthu kanzake, ndiye ikuwonkhetsa n'kupeza 99. Nambala imeneyi ndi yoopsa chifukwa ikuoneka ngati yoona. Ikukwera bwinobwino, koma thumba loyamba la kalabu iliyonse lasiyidwa kunja.

Ngati buku lanu lonse linalembedwa motero, dzina kamodzi kokha pamutu pa gulu, mukhoza kutembenuza funso. M'malo mofunsa ngati dzina lafanana, funsani ngati palibe dzina:

```
=IF(A2="",D1+C2,C2)
```

Iyi imayambiranso paliponse pamene paoneka dzina. Imagwira, koma ine sindiilimbikitsa, chifukwa tebulo lotere simungalisanje kapena kulisefa osasokoneza za eni ake. Ndi bwino kudzaza mainawo. Ngati pali timabokosi tolumikizidwa, yambani mwatisankha n'kudinanso Merge & Center kuti tilekane. Kenako sankhani kuyambira A2 mpaka A11, dinani F5, dinani Special, sankhani Blanks, dinani OK. Timabokosi topanda kanthu tokha ndi timene tasankhidwa tsopano. Musadine pena paliponse ndi mbewa. Lembani `=`, dinani kamuvi koloza m'mwamba kamodzi, kenako dinani Ctrl ndi Enter pamodzi. Kabokosi kalikonse katenga dzina la pamwamba pake. Pomaliza koperani kolamu A yonse n'kuimata pomwepo kudzera pa Paste Special ndi Values, kuti mainawo akhale mawu enieni, asakhalenso mafomula. Mukadumpha gawo lomalizali, tsiku limene mudzasanje tebulo maina adzasinthana.

Za kolamu ya makilo ndinena mwachidule. Wina akalemba “47kg” m'malo mwa 47, Excel imaona mawu, ndipo poyesa kuwonkhetsa imatulutsa `#VALUE!`, imene imatsika mpaka kumapeto kwa kalabu imeneyo n'kuleka kalabu ina ikayamba. Ena amathawa uthengawu polemba `SUM(D1,C2)` m'malo mwa `D1+C2`. Uthenga umasowadi, koma chifukwa chakuti SUM imangodumpha mawu mwakachetechete, ndiye thumba la munthu latayika popanda wokuuzani. Ine ndimasankha kuti fomula indikuwire. Konzani kabokosiko, ndipo mawu akuti makilo azikhala pamutu pokha.

Tsopano za kuwonjezera ndi kuchotsa mizere, pamene ngakhale ozolowera amagwa. Tinene kuti mwapeza thumba la a Tiyanjane la makilo 45 limene linaiwalika, ndipo mwalowetsa mzere watsopano pakati pa 2 ndi 3. Mwalemba dzina ndi makilo, mwakopera fomula, ndipo D3 yatsopano ikuonetsa 95, zimene ndi zoona. Koma dinani D4 muone. Fomula yake tsopano ndi `=IF(A4=A2,D2+C4,C4)`. Ikulozabe mzere 2, umene unali pamwamba pake poyamba, ndipo mzere watsopanowo ikuudumpha. Ikuonetsa 98 m'malo mwa 143, ndipo kalabu ikuthera pa 149 pomwe iyenera kuthera pa 194. Palibe uthenga uliwonse wofiira. Apa mpamene yeso loyamba lija limakupulumutsani, chifukwa C ikupereka 538, E ikupereka 493, ndipo kusiyana kwake ndi 45, thumba lenilenilo.

Kuchotsa mzere kumachita phokoso, ndiye n'kosavuta kuona. Mukachotsa mzere 6, mzere umene unali pansi pake umataya chimene unkaloza n'kuonetsa `#REF!`, ndipo a Mwaiwathu onse amatengera uthengawo. Pa mavuto onse awiri mankhwala ndi amodzi: mukangolowetsa, kuchotsa, kapena kusuntha mzere ndi Cut, bwererani pa D2 ndi E2, onetsetsani kuti mafomula ake ali monga munawalembera poyamba, n'kuwakokeranso mpaka pansi. Chikhale chizolowezi ngati kubwezera sikelo pa ziro musanayeze thumba lina.

Ngati buku limagwiridwa ndi anthu angapo ndipo simungawakhulupirire onse kuti azikumbukira zimenezi, pali fomula imene siiloza mzere wa pamwamba ndi dzina lake, koma imangoti “kabokosi kamene kali pamwamba panga”:

```
=IF(A2=OFFSET(A2,-1,0),OFFSET(D2,-1,0)+C2,C2)
```

`OFFSET(A2,-1,0)` ikutanthauza kukwera mzere umodzi kuchokera pa A2 osasuntha kumanja kapena kumanzere. Popeza zonse zimene zalembedwa m'fomulayi ndi za mzere wake womwe, kulowetsa kapena kuchotsa mzere wina sikuithyola. Mtengo wake ndi wakuti Excel imawerenganso OFFSET aliyense nthawi iliyonse mukasintha kanthu kalikonse m'bukumo. Pa mizere mazana angapo simungamve kusiyana. Pa mizere masauzande ambiri ndimabwerera ku ya IF yosavuta ija ndi mayeso anga awiri.

Pali malire amodzi amene fomula yoyang'ana dzina lokha singadumphe. Tinene kuti a Tiyanjane ndi amene anatseka Lolemba madzulo, ndipo ndi omwenso atsegula Lachiwiri m'mawa. M'tebulo mizere yawo yagundana, dzina silinasinthe, ndiye chiwerengero chikungopitirira kuchokera pa 96 wa dzulo. Ngati lisiti ndi ya tsiku ndi tsiku, fomula iyenera kuyang'ana zinthu ziwiri. Ikani deti mu kolamu F pamzere uliwonse, ndipo D2 ndi E2 zikhale motere:

```
=IF(AND(A2=A1,F2=F1),D1+C2,C2)
=IF(OR(A2<>A3,F2<>F3),D2,"")
```

Yoyamba ikupitiriza kuwonkhetsa pokhapokha dzina ndi deti zonse zikafanana ndi za pamwamba. Yachiwiri ikutseka pamene chimodzi mwa ziwirizi chasintha. Musaiwale kusintha yachiwiriyi, apo ayi 96 wa Lolemba sadzaoneka mu E, ndipo yeso loyamba lidzakuuzani kuti makilo 96 asowa. Ngati kalabu imatha kubwera maulendo awiri otsatizana tsiku lomwelo, m'malo mwa deti gwiritsani ntchito nambala ya lisiti.

Mawu omwewa akukhudza kusanja. Wina adzafuna kuona tebulo litasanjidwa motsata maina, ndipo akadina Sort A to Z pa kolamu A, mizere yonse isanu ya a Tiyanjane idzakhala pamodzi. Mukakokeranso fomula, chiwerengero chawo chidzathera pa 245, osatinso 149 ndi 96, chifukwa malire a m'mawa ndi masana afufutika. N'chifukwa chake ndinaika kolamu B ya nambala ya thumba, ngakhale palibe fomula imene ikuigwiritsa ntchito. Mukasanja tebulo motsata B kuyambira nambala yaing'ono, mizere imabwerera mmene matumba anakwerera pasikelo. Kusefa ndi Filter nkosiyana, chifukwa kumangobisa mizere. Yobisikayo imawerengedwabe, ndiye mukasefa kuti muone matumba oposa makilo 49 okha, manambala a mu D adzaoneka ngati akudumpha, koma sanalakwe.

Chotsala ndi kuthandiza maso. Pa tebulo lalitali n'kovuta kuona pamene kalabu ina yayambira, makamaka dzuwa likuwalira pasikirini. Sankhani kuyambira A2 mpaka E11, pitani pa Home, Conditional Formatting, New Rule, musankhe Use a formula to determine which cells to format, ndipo mulembe:

```
=$A2<>$A1
```

Dinani Format, pitani pa Border, muike mzere wa pamwamba, kenako OK. Apa `$` ikufunika patsogolo pa A, kuti timabokosi tonse ta pamzerewo tiziyang'ana kolamu ya dzina. Pa tebulo lathu mizere yodula ioneka pamwamba pa mzere 2, 5, 7 ndi 10. Mukaona wina wadula pakati pa matumba a kalabu imodzi, pamene maso anu akuona dzina lofanana, pitani pa kabokosi ka dzinako ndi LEN musanalembe lisiti.